Lipoti la Semina ya Pangano la Anthu ndi Boma

A Wapampando ndi anzanga nonse a m'gulu lathu lowerenga,

Munandituma ku semina ija kuti ndikamve momwe ena akulembera mapepala otsutsa chiphunzitso chakuti boma limabadwa pa pangano la anthu, akuyang'ana ndi maso a omwe analamulidwa ndi atsamunda. Za Hobbes ndi Rousseau zinakambidwa mothamanga. Nthawi yambiri inathera pa John Locke, woganiza wa ku Ingalande wa m'zaka za m'ma 1600, ndipo zomwe ndakutengerani n'za iyeyo.

Wophunzira wina anayamba pepala lake ndi mbiri: Locke anali ndi masheya mu Royal African Company yogulitsa akapolo, ndiponso anali mlembi wa eni dera la Carolina ku Amereka, lomwe malamulo ake a 1669 ankapatsa mfulu aliyense mphamvu zonse pa akapolo ake akuda. Zonsezi n'zoona. Koma mayi amene ankatsogolera zokambirana anamufunsa kuti: mwationetsa kuti munthuyo anali wachiphamaso, nanga chiphunzitsocho mwachikhudza pati? Woteteza Locke angoyankha kuti mfundo zinali zabwino, mwini wake ndiye analephera kuzitsata. Pa nkhani ya ukapolo yankho limeneli lili ndi mphamvu ndithu, chifukwa buku lake la Two Treatises of Government limalola ukapolo wa ogwidwa pa nkhondo yolungama okha, ndipo limakana kuti wogonjetsa akhale ndi mphamvu yotere pa ana awo.

Njira yomwe inandigwira mtima ndi yolowa m'buku momwemo, mutu 5 wa gawo lachiwiri la Two Treatises of Government, wonena za katundu. M'ndime 27 Locke akuti chimene munthu wachigwirira ntchito chimasanduka chake. M'ndime 28 akuti sayenera kupempha chilolezo kwa anthu onse, apo ayi akanafa ndi njala. M'ndime 32 mfundoyi akuifikitsa pa nthaka: malo amene munthu walima, wabzala ndi kuwatukula ndi ake. Kufika apa zikumveka ngati akunena za munthu aliyense. Koma pa nthaka ntchito imene akuiwerengera ndi ya wolima wotchinga munda. Mlenje wa ku Amereka akapha gwape, nyamayo ndi yake, koma nkhalango imene amasakamo si yake.

Tsono onani kumene mfundoyi ikugwira ntchito. Ku Ingalande, akutero m'ndime 35, malo a onse sungawatchinge popanda chilolezo cha anzako, popeza anasiyidwa choncho mwa pangano. Ku Amereka chilolezo sichifunika, chifukwa kwa iye kumeneko kukadali moyo wopanda pangano lotere. M'ndime 49 mpomwe akunena kuti pachiyambi dziko lonse linali Amereka. Choncho chiphunzitso chimene chimatchuka ndi kuvomereza kwa anthu chili ndi khomo lotengera nthaka popanda kufunsa eni ake, ndipo amene akugamula kuti kuno kuli boma, uko kulibe, ndi mlendo yemweyo wofuna malo. Apa mlandu suli pa khalidwe la Locke, uli pa mfundo. Mbiri ija imabwera pambuyo ngati mboni: katswiri wa mbiri yakale David Armitage anaonetsa mu 2004 kuti Locke ankakonzanso malamulo a Carolina mu 1682, nyengo yomwe akuganiziridwa kuti ankalemba mutu umenewu.

Ine ndinafunsa za kwathu, za ziphaso za malo zimene Harry Johnston anapereka kwa azungu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890. Anandichenjeza kuti tisamunyamule Locke n'kumutula ku Blantyre osayang'ana. Ziphaso zija zinkatsamira pa mawu akuti mafumu anagulitsa malowo, ndiye funso lake ndi lina: kodi mfumu inali ndi mphamvu yogulitsa nthaka ya anthu ake, nanga inkamva chimodzimodzi ndi wogulayo? Ena mwa ife timasakaniza ziwirizi m'mapepala athu.

Chomwe sitinagwirizane ndi mathero a pepala lotere. Charles Mills, mlembi wa The Racial Contract ya 1997, ankaona kuti pangano lingakonzedwe n'kugwiritsidwa ntchito pofuna chilungamo. Carole Pateman, amene analemba naye Contract and Domination mu 2007, akuti tilisiye. Ine ndikupendekera kwa Mills, poti wodandaula kuti sanafunsidwe akugwiritsa kale ntchito muyeso wa kuvomereza. Wotsogolera uja anati mbali iliyonse ndi yololedwa, bola wolemba anene poyera kumene waima.

Ndikupempha kuti tisanakumanenso aliyense awerenge ndime 25 mpaka 51, ndipo amene mapepala awo akuyamba ndi masheya a Locke abwere nawo tidzaone ngati mfundo ingaime masheyawo atachotsedwa.