Kwa eni shopu yogulitsa ndi kukonza makompyuta: malo osowa pa disiki si vayirasi, lekani kufomata zinthu za anthu

Mabwana, ndalemba pa tsamba lanu lino mwadala, kuti nawonso makasitomala anu awerenge. Anyamata anu a pa kauntala ali ndi yankho limodzi kwa aliyense wobwera ndi dandaulo lakuti disiki yadzadza koma mafoda ake ndi ochepa. Amati ndi vayirasi, tifomate. Wina akakana, amamuuza kuti agule disiki yaikulu. Munthu akulipira, zithunzi za ukwati ndi maasayimenti a sukulu zikupita, ndipo pakatha miyezi iwiri manambala aja ayambanso kusagwirizana. Sangagwirizane, chifukwa chimene mukuchiza si matenda. Windows imawerenga malo m'njira ziwiri zosiyana, ndipo amene amalandira ndalama pokonza makompyuta ayenera kuzidziwa zonse.

Mukatsegula Properties ya disiki C:, nambala ya Used space ndi ya Free space sizichokera pophatikiza mafayilo. Disiki imagawidwa m'timagawo ting'onoting'ono, nthawi zambiri ta mabayiti 4096 pa NTFS, imene ndi njira ya Windows yosanjira mafayilo pa disiki, ndipo pali kaundula wosonyeza kagawo kamene katengedwa ndi kamene kali pululu. Properties ya disiki imangoyang'ana kaundulayo, n'chifukwa chake yankho limabwera nthawi yomweyo. Sifunsa kuti watenga malowo ndani. Koma mukalowa mu C:, n'kusankha mafoda onse ndi Ctrl+A, n'kutsegula Properties, kompyuta imayenda foda ndi foda kuphatikiza zimene yapeza, nambala ikukwera inu mukuona. Chimene sichinasankhidwe chifukwa n'chobisika sichiwerengedwa. Foda imene akaunti yanu ilibe chilolezo cholowamo imadumphidwa mwakachetechete, osakuuzani n'komwe. Nambala yoyamba ndiyo yodalirika. Yachiwiriyo ndi ya zimene mwaloledwa kuona basi.

Tisanapite patali, pali kusowa kwina kumene makasitomala amakudandaulirani tsiku logula lomwelo, ndipo anyamata anu amangokanda kumutu. Pa bokosi palembedwa 256 GB, Windows ikuti 238. Opanga madisiki amawerenga GB imodzi ngati mabayiti 1,000,000,000, pamene Windows imawerenga 1,073,741,824. Gawani 256,000,000,000 ndi nambala yachiwiriyo, mupeza 238.4. Ya 500 GB imaoneka 465, ya 1 TB imaoneka 931. Chotsanipo timagawo tobisika toyatsira ndi tokonzera Windows, timene mungatione mu Disk Management, C: itsala cha m'ma 237. Palibe wakuba apa. Kungolemba mzere umodzi pa risiti kukanathetsa mkanganowu.

Tsopano titenge laputopu ya mtundu umene mumagulitsa kwambiri: SSD ya 256 GB, RAM ya 16 GB, yogwiritsidwa ntchito ndi anthu awiri m'nyumba, aliyense akaunti yake. Properties ya C: ikuti Used space 201 GB, Free space 36 GB. Mafoda ooneka onse pamodzi akukwana 148 GB. Pasowa 53 GB, ndipo apa ndi pamene mnyamata wanu amatulutsa fulashi yake yofomatira.

Akanayamba watsegula Options mu File Explorer, pa View, n'kusankha Show hidden files, folders, and drives, kenako n'kuchotsa chizindikiro pa Hide protected operating system files. Ambiri amachita choyamba chokhacho, n'kumati aona zonse. Chachiwiricho ndicho chimatulutsa zinthu zikuluzikulu. Pamwamba penipeni pa C: patuluka `hiberfil.sys`. Iyi ndi fayilo imene Windows imatsanuliramo zimene zili mu RAM kompyuta ikamagona tulo tofa nato totchedwa Hibernate, kuti ikadzuka ipitirize pamene inalekezera. Pa Windows 10 ndi 11 imakhala pafupifupi magawo 40 pa 100 a RAM, choncho pa 16 GB ndi 6.4 GB. Pambali pake pali `pagefile.sys`, malo obwereka pa disiki RAM ikachepa. Kukula kwake kumasinthasintha malinga ndi ntchito; pa laputopu yathuyi tinene kuti yafika 8 GB. Foda ya `ProgramData`, mmene mapulogalamu amasungamo zinthu za anthu onse a pa kompyutapo, ili ndi 4.6 GB. Zitatuzi zakwana 19 GB, ndipo sitinakhudze kalikonse.

Chimene chimasokoneza kwambiri ndi `System Volume Information`. Ngakhale mutaionetsa, Properties yake imati 0 bytes, ndipo mukayesa kulowamo imakukanizani, olo muli pa akaunti ya Administrator. Ziro ameneyo satanthauza kuti mulibe kanthu. Akutanthauza kuti chitseko n'chokhoma. Mmenemo ndi mmene mumakhala zosungira zobwezeretsa Windows pa tsiku la m'mbuyo, ngati System Protection ndi yoyatsa. Kuti mudziwe kukula kwake, tsegulani Command Prompt ndi Run as administrator, mulembe:

```
vssadmin list shadowstorage
```

Yang'anani mzere wa Used Shadow Copy Storage space, ndi wa Maximum umene uli m'munsi mwake. Pa chitsanzo chathu mwatengedwa 18 GB. Ngati malire anasiyidwa otakasuka, malowa amangokulirakulira nthawi iliyonse mukaika pulogalamu yaikulu kapena Windows ikalandira zatsopano. Mankhwala ake ndi kulowa mu System Protection, Configure, n'kutsitsa Max Usage. Zosungira zakale zimafufutika zokha kuti zikwane m'malire atsopanowo, choncho muuzeni kaye mwini wake, makamaka ngati kompyuta yayamba kuvuta posachedwa ndipo angafune kubwerera m'mbuyo. Tafika 37 GB.

Zotsalazo zimachokera pa anthu awiri aja. Disiki iliyonse ili ndi `$Recycle.Bin` yake, ndipo mkati mwake akaunti iliyonse ili ndi chipinda chake. Kasitomala akuti bini ndinakhuthula, ndipo sakunama, koma anakhuthula yake. Mavidiyo amene mng'ono wake anafufuta pa akaunti inayo akadali phee, 9 GB. Foda ya mng'onoyo mu `C:\Users` ili ndi 12 GB, koma kasitomala alibe chilolezo cholowamo, ndiye pophatikiza paja inadumphidwa. Onjezani pafupifupi 1 GB ya kaundula wa NTFS weniweniyo, mmene fayilo iliyonse imakhala ndi tsamba lake la 1 KB, ndi zolembera zina za mkati. Zonse pamodzi 59 GB.

Mwaona kuti tapyola? Timafuna 53, tapeza 59. Apa ndi pamene pamaonekera amene ntchito amaidziwa. Kuphatikiza mafoda sikumangochepetsa, penanso kumachulukitsa. Mafayilo ambiri a mu `C:\Windows\System32` ndi omwewo amene ali mu `C:\Windows\WinSxS`: fayilo imodzi pa disiki, mayina awiri m'malo awiri, ngati nyumba imodzi ya makomo awiri. File Explorer ikalowera khomo ili imawerenga, ikalowera linalo imawerenganso. Mu Command Prompt ya Run as administrator ija, lembani izi:

```
Dism /Online /Cleanup-Image /AnalyzeComponentStore
```

Mzere wa Shared with Windows ukuonetsani kuchuluka kwa zogawanazo, pa laputopu yathuyi pafupifupi 6 GB. Ndiye kuti 148 uja analidi 142. Phatikizani 142 ndi 59, mupeza 201, nambala ya Used space ija. Palibe GB imodzi yomwe yadyedwa ndi vayirasi.

Ndipo pa WinSxS pomwepa ndili ndi dandaulo lina. Mwa anyamata anu alipo amene amaona kukula kwa fodayi n'kuyamba kufufuta za mkati ndi manja. Zotsatira zake kompyuta imakana kulandira zatsopano, mwina osayakanso. Yoyeretsera yake ilipo, lamulo lomwelo la Dism koma lothera ndi `/StartComponentCleanup`, kapena Disk Cleanup pa Clean up system files. Chimodzimodzi `pagefile.sys`: kuithimitsa kuti kasitomala aone kuti malo abwera n'kumupusitsa, chifukwa RAM ikadzadza mapulogalamu ayamba kudzitseka okha ali pakati pa ntchito. Ya `hiberfil.sys` ingachotsedwe bwinobwino ndi `powercfg /h off`, 6.4 GB n'kubwerera pompo, koma Hibernate ndi Fast Startup zimapita nayo limodzi. Kuno kwathu, magetsi akathima batire n'kutsala pang'ono, Hibernate ndi imene imapulumutsa ntchito yosasungidwa. Mwini laputopu ndiye asankhe, osati inu kumusankhira.

Sindikukana kuti vayirasi yobisa mafayilo iliko. Timaidziwa, ija ya pa mafulashi amene ayenda m'mashopu osindikizira mapepala. Koma zizindikiro zake n'zosabisika: ndi fulashi, osati C:, mafoda asanduka timafayilo ta kamuvi pakona ta 1 KB kapena 2 KB, pamene Properties ikuonetsa kuti malo akadali otengedwa. Nambala imeneyo ndi umboni woti zinthu za munthu zikadalipo, zangobisidwa. Mukasesa fulashiyo ndi pulogalamu yothana ndi mavayirasi, osatsegula timafayilo ta kamuvito, lamulo ili limazibweza, ngati fulashi ili pa E:

```
attrib -h -s -r /s /d E:\*.*
```

Ndiye ngakhale pamene vayirasi ilipodi, kufomata ndiko kumapha zinthu zimene vayirasiyo inazisiya zamoyo.

Ina yaing'ono, poti makasitomala amafunsa: mu Properties ya foda muli Size ndi Size on disk. Fayilo ya mabayiti 5000 imatenga timagawo tiwiri, 8192. Pa mavidiyo kusiyanaku sikuoneka, koma pa foda ya timafayilo tambirimbiri kumaoneka. Pofananiza ndi Used space, tengani Size on disk.

Zonsezi sizitenga theka la ola, ndipo mbali yaikulu Windows imaionetsa yokha mu Settings, System, Storage, Show more categories, pa System & reserved. Ndikupempha zitatu. Pasakhale disiki yofomatidwa chifukwa cha malo osowa mnyamata wanu asanalembe pa pepala la ntchito manambala a Used space, `hiberfil.sys`, `pagefile.sys` ndi zotuluka pa `vssadmin`, kasitomala n'kuona ndi maso ake. Pa risiti ya disiki iliyonse lembani kukula kumene Windows idzaonetse. Ndipo amene munawalipiritsa kufomata kapena kugula disiki ina pa vuto limeneli, mabuku anu ali ndi mayina awo. Aimbireni foni muwabwezere ndalama zawo. Yankhani pansi pompano, osati kumbali, kuti nawonso aone.