Kufufuta ngongole m'buku sikuchotsa msonkho

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za bambo uja amene anaimirira pa msonkhano wa amalonda sabata yatha, wodzitcha mlangizi wa zamisonkho, n'kuuza anthu odzaza holo kuti ngongole iliyonse imene yatha miyezi itatu osabwezedwa "ingoifufutani, msonkho wanu utsika." Anthu anaomba m'manja, ena analemba m'makope. Bambo ameneyu ananamiza anthu masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo analandira ndalama chifukwa cha bodza lakelo. Tsiku limene a MRA adzabwere kudzafufuza mabuku a anthu amenewa, iye sadzakhalapo, foni yake idzakhala yozima, ndipo chindapusa adzalipira ndi amene anaomba m'manja aja.

Lamulo la msonkho, Taxation Act, silinena za miyezi itatu. Limalola kuchotsa ngongole yosabwezeka pa phindu lokhometsedwa msonkho pokhapokha zinthu zina zitakwanira, ndipo woyenera kukhutira kuti zakwanira ndi Komishonala wa MRA, osati mwini bizinesi, osati akauntanti wake. Kufufuta m'buku ndi nkhani ya m'nyumba mwako, ungathe kutero ngakhale mawa. Kuti kufufutako kuchepetse msonkho ndi nkhani ina.

Choyamba chimene bamboyu sanatchule n'komwe ndi chakuti ndalamayo iyenera kukhala yoti inawerengedwa kale ngati ndalama zolowa za bizinesi, chaka chomwecho kapena zaka zam'mbuyo. Tiyerekeze kampani ya hadiweya ku Limbe imene yapereka simenti ndi malata a K6,000,000 pangongole kwa kontrakita, osawerengera VAT. Tsiku limene invoisi yatuluka, ndalama yonseyo imalowa m'mabuku ngati malonda, ndipo phindu lake limakhometsedwa msonkho chaka chimenecho ngakhale tambala isanalowe m'thumba. Kontrakita walipira K2,000,000, kenako kampani yake yagwa. Yotsala K4,000,000 ndiyo lamulo limaimvera chisoni, chifukwa inawerengedwa pa msonkho koma siinafike. Pa mlingo wa 30 peresenti umene makampani a m'dziko muno amalipira, kuchotsako kumapulumutsa K1,200,000. Onani bwino: K2,800,000 yapitabe. Kuchotsa pa msonkho sikubweza ndalama yako, kumangochepetsa bala.

Tsono mwini hadiweya yemweyo atabwereka mlamu wake K1,500,000 ya m'bizinesi kuti akagulire feteleza, mlamuyo n'kusowa, imeneyo siichotsedwa. Siinakhalepo malonda, siinawerengedwepo ngati ndalama zolowa, ndipo hadiweya si bizinesi yokongoza ndalama. Ndi mpamba umene watayika. Koma pa msonkhano paja mayi wina atafunsa za ngongole ya mtundu womwewu, mlangizi wathu anayankha kuti "ngongole ndi ngongole." Munthu wotere amupatsiranji maikolofoni?

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera, ndi umboni woti ngongoleyo yafadi. Ngongole yochedwa si ngongole yakufa. Wofufuza mabuku samva mawu akuti "anangosiya kuyankha foni." Amafuna fayilo. M'fayilomo mukhale invoisi, kapepala kosonyeza kuti katundu anaperekedwa ndipo wolandira anasaina, sitetimenti ya akaunti ya kasitomalayo yosonyeza zimene analipira ndi masiku ake, makalata okumbutsa okhala ndi madeti, ndi kalata ya loya yolamula kuti alipire. Ngati nkhani inapita kukhothi, mukhalenso chigamulo ndi lipoti la asherifu loti anapita koma sanapeze katundu wolanda. Ngati kampani ya wangongoleyo inatsekedwa motsata Insolvency Act ya 2016, kalata ya woyendetsa kutsekako yonena kuti okongoza wamba sapeza kanthu, kapena apeza gawo lakuti, ndiwo umboni wolemera koposa. Akanena kuti pa K4,000,000 ija mudzalandira K1,000,000, ndiye kuti yakufa ndi K3,000,000 yokha, osati yonse.

Pa ngongole yaing'ono, monga ya K80,000, palibe wanzeru amene angalembe loya woti amulipire kuposa ngongoleyo. Komabe lembani chifukwa chimene mwasiyira kulondola, sungani mauthenga amene munatumiza, ndipo akuluakulu a kampani asainire chiganizo chofufuta, deti lake likhale mkati mwa chaka chimene mukufuna kuchotserapo. Kulemba mapepala amenewa usiku woti mawa ofufuza akubwera kumaoneka: inki imodzi, kalembedwe kamodzi, madeti a zaka zitatu.

Palinso chizindikiro chimene ofufuza sachiphonya. Ukafufuta ngongole ya kasitomala mu Disembala, m'Febuluwale n'kumupatsanso katundu pangongole, wadzitsutsa wekha. Munthu amene ukumukhulupirirabe sangakhale wolephereratu kulipira. Chimodzimodzi kukhululukira ngongole ya kampani ya mkazi wako kapena ya m'bale wako imene ikugwirabe ntchito. Kumeneko ndi kupereka mphatso, ndipo boma silithandizira nawo mphatso za pachibale.

Bamboyu anasokonezanso anthu pa ndalama zimene akauntanti amaika padera poyembekeza kuti ena sadzalipira. Kuyambira 2018 malamulo a kalembedwe ka mabuku a IFRS 9 amafuna kuti kampani iyerekezeretu zimene ingataye. N'zabwino m'mabuku. Koma kungoti "5 peresenti ya angongole onse sadzalipira" ndi kulosera, ndipo powerengera msonkho ndalama yotereyi imabwezeretsedwa pa phindu. Ngongole yokayikitsa imaganiziridwa ikakhala ya munthu wodziwika dzina, kuchuluka kwake kodziwika, ndi chifukwa chooneka. Ndipo ngongole imene inachotsedwa ikadzalipidwa mtsogolo, tinene kontrakita uja wadzuka n'kubweretsa K500,000, ndalamayo imabwerera pa zolowa za chaka chimene yalandiridwa. Ambiri amaiponya m'thumba mwakachetechete, kuiwala kuti sitetimenti ya kubanki siibisa.

Amene atsatire uphungu wa pa msonkhano uja adzaitanitsidwa msonkho wonse umene anadzichotsera, kuwonjezerapo chindapusa ndi chiwongoladzanja chowerengedwa kuchokera tsiku limene msonkho unayenera kulipidwa. Kafukufuku amabwera patapita zaka, pamene wantchito amene ankadziwa nkhaniyo anachoka ndipo buku la malisiti linadyedwa ndi chiswe.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti anthu amathamangira uphungu wonamawu chifukwa cha kupanikizika kwenikweni. Aliyense amene amapereka katundu ku nthambi za boma akudziwa kudikira malipiro chaka n'chaka, msonkho wa malondawo atalipira kalekale. Ngongole imeneyo siingafufutidwe poti wangongoleyo alipo ndipo sanakane, koma kugolosale sungagule nayo kanthu. Mlandu wa ngongole kukhothi nawonso umatenga nthawi yoti bizinesi yaing'ono imafa ikudikira pepala limene likanatsimikiza kuti ngongole yafa. Ndani akuyankhulira anthu amenewa?

Ndikupempha a MRA atulutse tsamba limodzi m'Chichewa ndi m'Chitumbuka lonena umboni umene amalandira pa ngongole zazikulu ndi zazing'ono, aliike pa Msonkho Online ndi m'maofesi awo onse. A bungwe la akauntanti la ICAM nawonso afufuze anthu amene akugulitsa uphungu wa msonkho m'maholo opanda chiphaso. Ndipo amene munali pa msonkhano paja, ng'ambani tsamba limene munalembapo za miyezi itatu musanatumize mafomu a msonkho a chaka chino.

Wowerengera chuma wokhumudwa,
Limbe