Lipoti la ulendo wa ku Lilongwe: tchanelo chathu chili pa mpanipani

Akuluakulu nonse, a Tcheya, a Msungichuma ndi mamembala, ndafika bwino ku Mzuzu dzulo usiku kuchokera ku msonkhano wa ku Lilongwe wa za matchanelo a YouTube. Ndiyambe ndi za ndalama poti ndamva kuti ena amafunsa. Alawansi yomwe munandipatsa inapita pa basi popita ndi pobwera, malo ogona masiku awiri ndi chakudya, malisiti onse ndapereka kwa a Msungichuma, amene akukayika akawaone. Ya kabaza yochoka ku depoti kukafika ku Chibavi ndinalipira ya mthumba mwanga.

Tsiku loyamba kunali zolankhula za alendo olemekezeka, kenako za kajambulidwe ka mavidiyo ndi makope a nyimbo, zomwe tikuzidziwa kale. Chomwe chinandigwira mtima ndi gawo la tsiku lachiwiri, la kuteteza tchanelo, ndipo ndinena mosabisa, ndinakhala pampando paja thukuta lili kamukamu poganiza za mmene ife timachitira.

Anaimirira mayi wina amene ali ndi tchanelo cha zophikaphika. Akuti analandira imelo ya anthu odzitcha kampani yofuna kutsatsa malonda, Chingelezi chake chosalala, ndalama yomwe amalonjeza yooneka bwino. Anamutumizira fayilo ya zipu ati muli kontilakiti, ndi pasiwedi yotsegulira fayiloyo. Pasiwediyo ndi dala, cholinga chake antivayirasi asaone zomwe zili mkati. Mkatimo munali kanthu kooneka ngati PDF koma dzina lake limathera ndi .scr, kanali vayirasi, iye anadina pa laputopu, palibe chinatseguka, anangoti mwina fayilo ndi yowonongeka nkupita kukagona. Mmawa tchanelo chili ndi dzina lina, chithunzi china, mavidiyo ake onse abisidwa, pakuulutsidwa layivi ya anthu onamiza za ndalama za kiripito.

Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetse. Mayiyu anali nayo 2-Step Verification, loko wachiwiri amene amafuna utsimikize pa foni ukalemba pasiwedi, koma foni yake sinalire ngakhale kamodzi. Chifukwa chake nchakuti ukalowa mu akaunti, bulawuza imasunga kachizindikiro kotchedwa kuki kosonyeza kuti munthuyu walowa kale, ndiye sakufunsanso pasiwedi tsiku lililonse. Vayirasi uja amaba kachizindikiroko, wakubayo akakaika pa kompyuta yake amapezeka ali mkati osafunsidwa kanthu. Zinawachitikira ngakhale a Linus Tech Tips mu Malichi 2023, anthu oti ntchito yawo ndi makompyuta.

Ndiye wina anena kuti nanga tivutikiranji. Ayi, loko wachiwiriyu ndi wofunikabe, amatseka munthu amene wangodziwa pasiwedi yokha, ndipo ife vuto lathu ndi lomwelo. YouTube inachita kulamula kuyambira pa 1 Novembala 2021 kuti matchanelo olandira ndalama akhale nayo. Kuyatsa kwake mupita pa myaccount.google.com, mudine Security kenako 2-Step Verification. Njira ya mesegi ilipo koma ine sindikuifuna, simu imatayika, imatha kutsekedwa, ndipo netiweki ikavuta mesegi imachedwa. Bwino apu ya pa foni ya Google Authenticator, imatulutsa manambala 6 osintha pa masekondi 30 aliwonse ndipo imagwira ngakhale ulibe bandulo. Pomwepo pali Backup codes, makhodi 10 a manambala 8 olowera foni ikasowa, iliyonse imagwira kamodzi basi. Amenewo alembedwe papepala asungidwe, osati kujambula sikirinishoti nkuponya pa gulupu.

Poti ndatchula gulupu, pepani a Tcheya ndilankhulapo. Pasiwedi ya tchanelo chathu ili pa gulupu ya WhatsApp chiyambire, anthu seveni akuidziwa, awiri mwa iwo anachoka mokwiya. Nambala yobwezeretsera akaunti ndi ya sekilitale wakale uja amene ali ku Joni, simuyo kaya ikugwirabe. Ndinanena nkhaniyi pa mitingi ya ku Katoto ndipo ndinayankhidwa kuti ndikufuna kulanda tchanelo. Zinandiwawa, mpaka lero palibe anabwera kudzapepesa. Sindikufuna tchanelo ine, mavidiyo a zaka zinayi amene tinavutika nawo mu mvula ya Mzuzu ino ndi amene ndikuwadandaula. Ndipo njira ilipo yoti aliyense azigwira ntchito osadziwa pasiwedi: mu YouTube Studio, Settings kenako Permissions, mumaitana munthu ndi imelo yakeyake ngati Editor, amakweza mavidiyo koma sangafufute tchanelo kapena kuitana anthu ena. Akachoka mgulu mumangomuchotsa, nkhani yatha. Kumsonkhano ena amati Manager, amene amatha kuitana ndi kuchotsa anthu, azikhala ambiri kuti ntchito iziyenda, ine ndinakana, kwa ife mmodzi akwanira.

Tsopano zikachitika, maola oyambirira mutani. Mayi uja analakwitsa chinthu chimodzi, anathamangira kusintha pasiwedi pa laputopu yomwe ija ili ndi vayirasi, ndiye yatsopanoyo inabedwanso. Choyamba laputopu yokayikitsayo ichotseni pa intaneti, musaigwiritsenso ntchito mpaka itafufutidwa yonse nkuikidwa Windows mwatsopano. Tengani foni yomwe mumalowera masiku onse. Ngati mukutha kulowa sinthani pasiwedi pomwepo, kenako pa Security pomwepo pitani pa Your devices mutulutse chipangizo chilichonse chomwe simukuchidziwa. Onani nambala ndi imelo zobwezeretsera ngati zili zanu, onaninso ngati sanawonjezere njira yawo pa 2-Step Verification, mupange makhodi apapepala atsopano kuti akale afe.

Ngati akutsekerani kunja pitani pa g.co/recover, koma pa foni yanu yomweyo komanso pamalo pomwe mumalowera nthawi zonse, chifukwa Google imayang'ana ngati chipangizocho ikuchidziwa. Kuthamangira ku kafe ya mtauni kumangoonjezera chikayiko. Ikafunsa pasiwedi yakale lembani yomaliza yomwe mukuikumbuka. Ndipo musachedwe, wakuba akasintha nambala yobwezeretsera, Google imatha kutumizabe khodi ku nambala yakale kwa masiku 7 okha. Taganizani ife masiku 7 amenewo tikusaka munthu ali ku Joni.

Nthawi yomweyo wina alembere @TeamYouTube pa X kuti tchanelo chahakidwa, ndi linki ya tchanelo, asungenso masikirinishoti a zonse zasinthidwa. Onetsetsani kuti ndi akaunti yeniyeniyo, poti pansi pake pamadzaza anthu olonjeza kubweza tchanelo mukawalipira, amenewo ndi akubanso. Kufulumira nkofunika chifukwa layivi yachinyengo ija imachititsa kuti YouTube itseke tchanelo, cha mayi uja chinatsekedwa tsiku lomwelo ndipo chinabwerera patapita masabata awiri atachita apilo. Mukalowanso musangosangalala, yang'anani Permissions ngati mulibe mlendo, sinthani Stream key yomwe ndi kiyi youlutsira layivi, ndipo mu Gmail onani pa Forwarding ndi Filters poti amasiya kanjira koti maimelo anu azipita kwa iwo.

Pempho langa ndi lakuti Loweruka tikumane, a Tcheya mubwere ndi laputopu ya gulu, tisinthe pasiwedi ndi nambala ija tonse tikuona, pepala la makhodi lisungidwe ndi a Msungichuma mu envulopu yomata. Amene amatsegula maimelo a otsatsa malonda asiye kutsegulira pa laputopu yomwe ili ndi akaunti yaikulu. Aliyense abwere ndi imelo yake kuti tiyiike pa Permissions tsiku lomwelo, ndipo amene ali ndi nambala ya ku Joni ya sekilitale wakale anditumizire lero.