Lipoti la msonkhano wa alembi a makopaletivu ku Dedza

Moni nonse akomiti ndi mamembala. Ndabwerako kumsonkhano munandituma kuja, tinaliko alembi ambiri ndithu pamodzi ndi anzathu a ku Tete. Panakambidwa zambiri koma ine ndikhazikike pa imodzi yomwe yatisowetsa tulo chaka chino, ija ya madeti ndi masikelo osagwirizana mu lipoti la soya.

Kulakwa sikunali kwa mlembi wa kudepoti ayi, ndi laputopu yathu ya muofesi. Ife timalemba tsiku kenako mwezi, pomwe iyo inasetedwa mwachimereka, imayamba mwezi. Ndiye ukangodina kawiri fayilo ya CSV, mtundu uja wolekanitsa makolamu ndi koma, kuti itseguke mu Excel, 03/04/2025 yomwe kwa ife ndi 3 Epulo imasanduka 4 Malichi, 12/04/2025 n'kukhala 4 Disembala, osakuchenjeza olo pang'ono. Ikafika pa 13/04/2025 imakanika poti kulibe mwezi wa 13, basi imangoisiya ngati mawu wamba. Ndinatsegula fayilo yathu pompo ndipo ndinaziona ndi maso angawa, madeti a pa 1 mpaka 12 atatsamira kumanja kwa kolamu, a pa 13 kupita mtsogolo ali kumanzere. Mukaona kolamu ya madeti ili mbali ziwiri choncho dziwani kuti zaonongeka kale.

Za anzathu a ku Mozambique ndiye zinandiopsa kwambiri. Pomwe ife timaika kadontho iwo amaika koma, matani awiri ndi theka amalemba 2,5 ndipo n'chifukwa chake CSV yawo imalekanitsa makolamu ndi semikoloni osati koma, kuti nambala isaduke pakati. Kwathu 2,5 imakhala mawu ndipo SUM imangoidumpha, totala n'kuchepa. Koma akalemba 2,750 kutanthauza matani osafika atatu, yathuyi imawerenga matani 2750, nambala yooneka bwinobwino ili kumanja. Imeneyi imagwidwa ndi munthu wodziwa kuti lole imodzi singanyamule zimenezo.

Anationetsa kuti CSV tiziilowetsa kudzera pa Data kenako From Text/CSV, n'kuiuza kuti fayiloyo yachokera dziko liti isanamasulire kalikonse. Tikatero tiziyesa kolamu iliyonse ya manambala chonchi:

```
=COUNTA(C2:C200)-COUNT(C2:C200)
```

Ikapanda kutuluka 0 ndiye kuti mizere ina ndi mawu osati manambala. Ya 2750 ija siyigwira, pamenepo mpofunika maso.

Pempho langa ndi loti tigwirizane kulemba deti kuyambira chaka, 2025-04-03, ndi dongosolo la ISO 8601 ndipo silitembenuzika. Komanso a Sekilitale chonde fayilo yoyamba ya kudepoti isasevedwe pamwamba. Ya Epulo ija ndiipempha kuti atitumizirenso, Loweruka tidzaiyambire limodzi muofesi ndikasintha seting'i ya laputopu.