Kapepala ka mpunga ndi nyemba

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno ku Nkhotakota tadzuka bwino, kaya inu ku Salimako. Ndamva kuti Loweruka ukakhala ku ntchito tsiku lonse, ndiye mdzukulu wanga aphika yekha mpunga ndi nyemba koyamba. Kapepala kamene wamulembera ndakawerenga pafoni, ndipo ndikupempha kuti ukalembenso. Walemba kuti "thira madzi okwanira", "mchere pang'ono", "zikapsa uphule". Iwe ukudziwa tanthauzo lake chifukwa dzanja lako linazolowera. Mwana wa zaka 14 akaima yekha pa mbaula, mawu amenewo samuuza kanthu.

Sankha kapu imodzi, ya tiyi ija, ndipo ulembe pamwamba penipeni kuti muyeso wonse ndi wa kapu imeneyo. Kenako uyambe ndi nyemba, chifukwa ndi zimene zimadya nthawi. Mwana akayamba ndi mpunga, udzazizira nyemba zikadali gwa.

Mzere woyamba ukhale wa Lachisanu madzulo: makapu awiri a nyemba, asankhe miyala ndi zofumbwa, atsuke, anyike m'makapu asanu ndi limodzi a madzi mpaka m'mawa. Kukacha ataye madziwo, athire ena opitirira nyemba ndi zala zitatu. Apa ulembe ndi zilembo zikuluzikulu kuti ziwire mwamphamvu mphindi 10 zoyambirira asanachepetse moto. Nyemba zosapsa, makamaka zofiira zija, zimatsegula m'mimba ndi kusanzitsa, ndipo chimene chimachotsa vutolo ndi kuwira kwenikweni, osati kungofunda pa moto wofooka.

Za nthawi usangolemba ola limodzi. Nyemba zatsopano zonyika zimapsa pa ola limodzi kapena ndi theka, koma zogonera chaka zimatha kufika maola awiri. Umulembere chizindikiro choona yekha: atenge nyemba zitatu ndi supuni, aziuzire kuti zipole, afinye pakati pa zala. Zikaphwanyika zonse popanda kamtima kolimba, zapsa. Ndati zitatu chifukwa imodzi imanamiza. Pa theka la ola lililonse avundukule poto, ndipo nyemba zikayamba kuonekera pamwamba pa madzi awonjezere kapu imodzi ya madzi otentha. Tomato ndiye adikire ndithu. Akalowa msanga, kuwawasa kwake kumachedwetsa nyemba kufewa, mwana n'kumangotha makala. Zikafewa, m'poto ina akazinge anyezi mmodzi m'masupuni atatu a mafuta, aike tomato awiri, supuni yaing'ono ya mchere, athiremo nyemba ndi msuzi wake, zibwate mphindi 10, alawe.

Mpunga umene ndinakutumizira ndi Kilombero, ndaupeta kale, koma auyale m'lichero ayang'anenso timiyala. Kwa anthu anayi, makapu awiri a mpunga, autsuke kawiri. Madzi makapu atatu ndi theka, popeza ndi wa chaka chino. Ukanakhala wakale ndikanati anayi. Madzi awire kaye ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere ndi supuni ya mafuta, athire mpunga, avundule kamodzi kokha. Mawu akuti kamodzi uwadule mzere kunsi. Mwana wozolowera kuona nsima amaganiza kuti poto aliyense amafuna mthiko, ndipo mpunga wovundulavundula umasanduka phala.

Pamene ambiri amalakwa ndi pa moto. Madzi akaphwera, pamwamba pa mpunga n'kuoneka timaenje, aphule poto ndi nsalu youma, achotse makala ambiri ndi chopanira atsale ochepa, abwezerepo poto atavundikira. Ine ndimaika makala pa chivundikiro, koma iye tsiku loyamba asayese, angagwetsere phulusa m'chakudya kapena kudziotcha. Mphindi 15 osavundukula, kenako aphule, udikire mphindi 10 uli chivundikirire.

Kuseri kwa kapepalako ulembe zochita zinthu zikavuta, poti sudzakhalapo woti akufunse. Mpunga ukakhala wolimba pakati madzi atatha, awaze masupuni anayi a madzi otentha, avundikire mphindi zisanu. Akamva fungo la kupserera, kaya ndi mpunga kaya nyemba, aphule msanga, asamutsire za pamwamba m'poto ina osakanda pansi. Ndipo mbaula ikhale panja kapena pakhonde. Asailowetse m'nyumba n'kutseka chitseko ngakhale kuchite mwera, chifukwa mpweya wa makala umapha munthu osamva fungo lililonse.

Ulembe pa katoni, chochita chimodzi pa mzere umodzi, umate pakhoma poti aziwerenga manja ali onyowa. Lachinayi umupatse akuwerengere mokweza, iwe uli chete. Pamene aime n'kufunsa, pomwepo ukonze. Amfunsenso mng'ono wake ngati adzadye nawo, chifukwa akabwera ndi anzake a mpira makapu awiri aja sakwana.

Undiimbire Loweruka madzulo, ndilankhule naye ndekha. Moni kwa bambo a ana.

Ndine mayi ako.