Ukonde wa Charlotte

Mdzukulu wanga wokondedwa,

Amayi ako andiuza kuti mwatsiriza kuwerenga buku lija ndinakutumizira pa tsiku lako lobadwa, Charlotte's Web, limene E. B. White wa ku Amereka anatulutsa mu 1952, ndipo akuti unalira pamapeto pake. Ndakusowa kwambiri, choncho ndati ticheze za ukonde wa kangaude uja.

Lero m'mawa mvula itakata, ndinapeza kangaude ataluka ukonde kuchokera pansanamira ya khonde mpaka pamtengo wa mandimu, ulusi uliwonse utanyamula timadontho ta madzi tondondozana ngati mikanda, mwiniwake ali phee pakati, mutu utaloza pansi, kudikira ntchentche. Ndinawaletsa agogo ako aamuna kuuphwasula.

Kodi ukukumbukira kuti Wilbur, kankhumba kaja, atangodziwana ndi kangaude Charlotte anachita nthumanzi? Anamuona akukulunga ntchentche mu ulusi, ndipo atamva kuti amamwa magazi ake, anaganiza kuti wapeza bwenzi lankhanza. Pamenepo ukondewo unali msampha, chizindikiro cha imfa.

Koma nkhosa yokalamba itaulula kuti Wilbur akumunenepetsa kuti adzamuphe, Charlotte anagwira ntchito usiku, ndipo m'mawa wa nkhungu wantchito Lurvy, atabwera ndi chakudya cha nkhumba, anapeza mawu otamanda Wilbur atalukidwa muukonde pakhomo la khola. Ulusi ndi womwe uja, koma tsopano ukukola anthu, amene anabwera ambirimbiri kudzagoma ndi nkhumba. Waona kuti chida chophera chasanduka chopulumutsira moyo? Chimene chimandiwawa n'chakuti anthuwo ankatama nkhumba, ngakhale kuti mayi Zuckerman, mkazi wa mwini nkhumbayo, ananena kuti wodabwitsa ndi kangaudeyo. Iwe ukanatama ndani?

Kuchionetsero cha zaulimi, Charlotte, mphamvu zitayamba kumuthera, analuka mawu omaliza onena kuti Wilbur ndi wodzichepetsa, kenako anapanga kathumba ka mazira 514, kamene Wilbur anakanyamula m'kamwa pobwerera kwawo. Charlotte anafera komweko ali yekha, ndipo kukhola kunatsala ukonde wong'ambika umene Wilbur ankauyang'ana nthawi yozizira, chisoni chitamugwira pakhosi. Apa ukonde ukuimira kusowa mnzako. Ana a Charlotte ataswa, anaponya ulusi m'mwamba, mphepo n'kuwatenga, kupatula atatu amene anatsala n'kuluka maukonde awo pakhomo lomwelo, kotero kuti ulusi uja unakhalanso chizindikiro cha moyo wopitirira.

Ukamadzabwereza bukuli, paliponse pamene ukonde watchulidwa udziime, udzifunse kuti akuuyang'ana ndi ndani, nanga mumtima mwake akumva chiyani. Ukasokonezeka, amayi ako akuthandize kubwerera patsamba limene unauona koyamba. Koma usamagwire akangaude ndi manja, mwana wanga, chifukwa ena amaluma. Kodi ukudya bwino? Undiyankhe msanga, undiuze ukonde umene unakusangalatsa kuposa ena onse.

Ndine,
Agogo ako aakazi