Bakapu yosachoka pa chingwe imatsekedwa limodzi ndi kompyuta

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko ndi anzanga osunga mabuku a ndalama m'masukulu, m'mafamasi ndi m'makopaletivi. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowa m'makina osindikizira mapasipoti ndipo akufuna dipo. Ambiri tinangoti zimenezo nzaboma. Komatu ransomuweya, pulogalamu yomwe imatseka mafayilo mpaka mwini wake alipire, sisankha ofesi.

Ine ndinaziona ndi maso pa ofesi ina yaing'ono yomwe ndimaikonzera makompyuta. Mayi wosunga ndalama anandiimbira Lolemba m'mawa kuti mafayilo a malipiro akukana kutseguka. Nditafika ndinapeza dzina la fayilo iliyonse lili ndi kamchira ka zilembo zachilendo, ndipo m'foda iliyonse munali kakalata konena kolipira. Mayiwo sanade nkhawa poyamba. Analoza hadidiraivi yakuda yomwe inali kuseri kwa kompyuta, kanyale kake kakuphethira, nati, "Achimwene, zonse zili umo." Zinalidi momwemo, koma zotsekedwa. Diraiviyo inali isanazulidwepo chiigulireni, ndipo chilichonse chomwe kompyuta ingathe kulembamo, ransomuweya imalembamonso. Foda ya Google Drive nayo inali itatumiza kale mafayilo owonongekawo ku intaneti, chifukwa ntchito yake ndi kufananiza zomwe zili uku ndi uko. Chomwe chinatipulumutsa pang'ono nchakuti Google Drive imasunga makope akale kwa masiku 30, koma kuwabweza imodziimodzi kunatidyera sabata.

Kampani yaikulu ya sitima zapamadzi ya Maersk inakumana nazo mu Juni 2017, pomwe pulogalamu yowononga yotchedwa NotPetya inafafaniza makompyuta ake padziko lonse. Kope limodzi la seva yosunga maakaunti olowera linapulumukira ku Ghana, chifukwa magetsi anali atazima ndipo makinawo sanali pa netiweki. Zomwe kuzima kwa magetsi kunawachitira mwamwayi, ife tizichite mwadala.

Pa ofesi ija tsopano tili ndi madiraivi atatu, olembedwa A, B ndi C pa kapepala komata. A ndi B amasinthana: Lachisanu lililonse poweruka, imodzi imalumikizidwa, mafayilo amakoperedwa, kenako imazulidwa nkutsekeredwa m'kabati. C imalandira kope kamodzi pa mwezi ndipo imagona kunyumba kwa abwana, kuti moto kapena mbava zisatenge zonse. Kope lililonse limalowa m'foda yakeyake ya tsikulo, pogwiritsa ntchito robocopy, lamulo la Windows lokopera mafayilo:

```
robocopy D:\Maakaunti E:\2025-03-07 /E
```

Pano mpomwe ambiri amapunthwa. Kukopera pamwamba pa kope lakale nkudzitchera msampha, ndipo `/MIR`, yomwe ena amaika pa lamuloli m'malo mwa `/E`, imachita zomwezo, imafufutanso pa diraivi chilichonse chomwe chasowa pa kompyuta. Akubawa amatha kukhala m'makina masiku kapena masabata asanatseke kanthu, choncho kope la Lachisanu lapitali likhoza kukhala ndi zoipa kale. Ife timasunga mafoda a miyezi itatu. Tinagwirizananso poyera kuti tsoka likagwa Lachinayi, ntchito ya masiku anayi idzalembedwanso kuchokera m'malisiti. Amene sangapirire zimenezo azikopera tsiku ndi tsiku.

Chomwe chimandipweteka mtima kwambiri nchakuti anthu sayesa kubweza. Ife Lolemba loyamba la mwezi timatenga laputopu yosalumikizidwa ku netiweki, nkubwezeramo foda yonse kuchokera pa diraivi imodzi. Mayi aja, osati ine, ndi amene amatsegula mafayilo asanu omwe asankha okha nkuyerekeza ndalama zomaliza ndi zomwe zili pa pepala. Timalemba m'kope tsiku, diraivi yomwe tayesa ndi mphindi zomwe zatenga. Ulendo woyamba tinapeza kuti pulogalamu ya maakaunti imasunga deta yake m'foda ina pa `C:` yomwe sitinkaikopera nkomwe. Ulendo wina diraivi B inayamba kulira tiki-tiki nkumaima pakati, tinagula ina isanatigwiritse fuwa lamoto. Pasiwedi ya madiraiviwo ili pa pepala mu envulopu yomata, chifukwa ikakhala pa kompyuta yokha idzatsekedwa pamodzi ndi zinazo.

Tsiku lomwe mwaona kakalata kadipo, zulani chingwe cha netiweki, zimitsani Wi-Fi, ndipo manja anu asafike ku kabati. Diraivi yabwinoyo isakhudze kompyuta yodwalayo mpaka itafufutidwa yonse, Windows itaikidwamo mwatsopano, ndi mapasiwedi onse atasinthidwa.

Wokonza makompyuta,
Zomba